Tsiku la maola 18: kuyenda kunja ndi makina oyezera shuga

Munthu wochoka ku Lilongwe kupita ku Guangzhou, mzinda wa ku China kumene amalonda athu ambiri amakapikula katundu, amataya maola asanu ndi limodzi m'njira. Nthawi ya ku China ili patsogolo pa yathu ndi maola 6, choncho tsiku la ulendo limangokhala ndi maola 18. Pobwerera maola aja amabwezedwa, tsiku n'kutalika mpaka maola 30. Kwa wapaulendo wina aliyense nkhaniyi imathera pa tulo tosokonekera ndi kuyasamula dzuwa lili pamutu. Kwa munthu wa matenda a shuga, makamaka wodzibaya insulini, ndi nkhani ina. Mankhwala amene anabaya m'mawa amapitiriza ntchito yake m'thupi kwa maola ake omwewo, kaya wotchi ya pakhoma yasintha kaya ayi. Chimene chingamuuze mmene magazi alili ndi makina oyezera shuga basi, amene kuchipatala amati gulukomita, ndipo makinawo ndi chidole chabe ngati masitiripi ake atha, anyowa, kapena atsala m'sutikesi imene yapita dziko lina.

Tiyeni titsatire ulendo umodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wa geni wa ku Lilongwe amene amabaya insulini kawiri pa tsiku, 6 koloko m'mawa asanadye ndi 6 koloko madzulo asanadye. Kunyumba amadziyeza katatu pa tsiku. Akupita ku Guangzhou kudzera ku Addis Ababa, ndipo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndi wa masiku khumi.

Masamu a masitiripi

Langizo lofala ndi lakuti munthu atenge kuwirikiza kawiri zimene amagwiritsa ntchito kunyumba. Langizoli ndi labwino pa mapiritsi, koma pa masitiripi limaperewera, chifukwa paulendo munthu sadziyeza monga kunyumba. Mayi athuwa akatsatira langizoli, katatu pa tsiku kwa masiku khumi ndi masitiripi 30, kuwirikiza kawiri ndi 60. Tsopano tiwerenge zenizeni. Pali masiku anayi ovuta: awiri okhala m'ndege, ndi awiri oyamba atafika, thupi lisanazolowere nthawi ndi zakudya za kumeneko. Pa masiku amenewa angafunike kudziyeza mpaka kasanu ndi katatu pa tsiku, amene ndi masitiripi 32. Masiku asanu ndi limodzi otsalawo, kanayi pa tsiku, ndi 24. Pamodzi 56. Pa 60 paja pangotsala anayi, pomwe sitinawerenge sitiripi imene yakana chifukwa magazi anachepa, ina imene yagwera pansi pa mpando, kapena ndege imene yalephereka n'kuwagoneka usiku wina ku Addis. Mayiwa atenge mabotolo awiri a masitiripi 50, ndipo asawaike m'chikwama chimodzi.

Wina anena kuti masitiripi ndi okwera mtengo, ndikagula konko kumene zinthu n'zotchipa. Apa ndiye pogona vuto. Sitiripi ndi makina zili ngati kiyi ndi loko: iliyonse ndi mwini wake. Ngakhale kampani ikhale imodzi, mitundu yake sisinthana. Masitiripi a Accu-Chek Active salowa m'makina a Accu-Chek Instant, ndipo makina ena, monga On Call Plus, amafuna kachipangizo ka nambala kamene kamabwera m'bokosi la masitiripiwo. Mukasiya kachipangizoko kunyumba chifukwa mwataya bokosi pochepetsa katundu, botolo latsopanolo lingakupatseni manambala olakwika. Mtundu umene uli m'famase iliyonse ku Limbe mwina ku Guangzhou saudziwa n'komwe, ndipo kufotokozera wogulitsa ndi manja kuti mukufuna sitiripi yakutiyakuti si masewera.

Musanalongedze, yang'anani tsiku lothera ntchito pa botolo. Mitundu ina imakhalanso ndi malire ena, akuti botolo likatsegulidwa ligwire ntchito miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yokha, ngakhale tsiku lolembedwa lija lisanafike. Ndipo masitiripi asatuluke m'botolo lawo. Botololo, kapena chivundikiro chake, lili ndi mankhwala oyamwa chinyezi. Kuwakhuthulira m'kapepala ka pulasitiki kapena m'bokosi la machesi kuti asatenge malo ndi kuwapha, makamaka ku Guangzhou kumene miyezi yotentha mpweya umachita kunata ndi chinyontho. Kuipa kwa sitiripi yoonongeka n'kwakuti nthawi zambiri siikana kugwira ntchito. Imapereka nambala bwinobwino, koma nambala yabodza.

Tisingano tobayira chala, malanseti, n'topepuka ndipo sitidya malo. Tengani tokwanira kuti muzisintha kawirikawiri, pakuti kasingano kobuntha kamapweteka, ndipo chala chikayamba kuwawa munthu amayamba kuzemba kuyeza. Osabwereka mnzanu cholembera chobayira chija ngakhale mutasintha kasingano, chifukwa timagazi totsalira kumutu kwake tingafalitse matenda a chiwindi a mtundu wa B. Pa ulendo wa gulu, pamene amayi angapo agona chipinda chimodzi n'kuyamba kuti tandiyezeniko nanenso, ndi pomwe ngoziyi imabwera. Onjezani batire lapadera, limene pa makina ambiri ndi lija lobulungira la CR2032, ndi kabotolo kolimba ka chivundikiro kotayiramo tisingano togwiritsidwa kale ntchito. Amene ali ndi makina akale amene akugwirabe ntchito, ndipo masitiripi ake alipo, awatenge akhale apadera.

Chikwama cha m'manja ndi chipata cha achitetezo

Zonsezi zimayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Sutikesi imatha kutsalira posintha ndege n'kudzafika patapita masiku. Imatha kukhala padzuwa pabwalo podikira kukwezedwa, kenako n'kukazizidwa m'mwamba. Masitiripi ambiri amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 4 ndi 30, ndipo insulini ikangouma ndi kuzizira yatha ntchito. Palinso msampha wina umene ambiri sauganizira. Ndege ikadzaza, ogwira ntchito amatenga zikwama zina za m'manja pakhomo penipeni n'kuzitumiza kunsi. N'chifukwa chake zida za shuga ziyenera kukhala m'kachikwama kakekake kamene mungasolole msanga n'kukagwira m'manja. Mukakhala pampando, kaikeni pansi pa mpando wakutsogolo kwanu. Pamwamba paja simufikapo nyali ya malamba ikayaka.

Pachipata cha achitetezo zinthu sizivuta monga anthu amaopera. Makina ounikira katundu saononga gulukomita kapena masitiripi. Tisingano timaloledwa ngati tili totseka ndi zipewa zake ndipo tili pamodzi ndi makina ake. Chothandiza kwambiri ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi, ya chidindo, yotchula dzina lanu monga lilili m'pasipoti, matenda anu, mankhwala onse ndi zida zonse zimene mwanyamula. Buku lanu la kuchipatala tenganinso, koma lisalowe m'malo mwa kalatayo. Msilikali wa ku China sangawerenge zolemba za pamanja za ku kiliniki ya shuga, zimene ngakhale eni akefe zimatigonjetsa. Nenani nokha musanafunsidwe kuti muli ndi tisingano ta shuga. Amene amavala kachipangizo koyeza shuga komata pamkono awerenge malangizo a kampani yake, chifukwa mitundu ina siyenera kudutsa m'makina ounikira, ndipo nawonso atenge gulukomita ndi masitiripi, pakuti kachipangizoko kakamatuka ndi thukuta alibenso pogwira.

Wotchi imodzi ikhale ya kwathu

Tsopano tikwere ndege ndi mayi aja. Maola a ndege amasintha, choncho awa ndi ongoyerekeza: anyamuka pa bwalo la Kamuzu cha m'ma 3 koloko masana, atera ku Addis patatha maola anayi, adikira mpaka pakati pa usiku, kenako auluka maola khumi ndi theka mpaka ku Guangzhou.

Choyamba, akhale ndi wotchi ya pamkono imene sadzaisintha mpaka atafika. Foni siyodalirika pa ntchitoyi. Ikangogwira netiweki ku Addis imadzisinthira yokha ku nthawi ya kumeneko, imene ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo alamu imene munaitchera 6 koloko idzalira pa 6 koloko ya dziko limene foniyo ikuganiza kuti ili. Kufunsa nthawi kwa munthu wa ku Ethiopia nakonso kuli ndi zake, chifukwa kumeneko anthu amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti 7 koloko m'mawa iwo amati ola loyamba. Wotchi ya m'gulukomita nayo isiyeni pa nthawi ya ku Malawi ulendo wonse wa m'ndege.

Pa wotchi ya kwathuyo, tsiku loyamba likuyenda mwa masiku onse. Ayeza 6 koloko m'mawa, abaya, adya. Ayezanso masana pabwalo la ndege asanadye, pakuti kukoka zikwama, kuima pamizere ndi mtima wothamanga zimasokoneza shuga, zina kumutsitsa zina kumukweza. Ikamakwana 6 koloko madzulo akhala adakali m'mwamba. Ayeze, koma asabaye chakudya chisanafike pamaso pawo. Ngolo ya chakudya imatha kuonekera kutsogolo kenako n'kubwezedwa chifukwa ndege yayamba kugwedezeka, ndipo munthu amene wabaya kale insulini yogwira msanga amatsala pamavuto. Ngati chakudya cha m'ndege chinabwera kale 4 koloko, kuli bwino kudikira ola limodzi n'kukabaya ku Addis mbale ili patebulo. M'kachikwama muja mukhale mabisiketi kapena buledi, ndi shuga wa m'timapaketi kapena maswiti.

Ayezenso cha m'ma 11 koloko usiku asanakwere ndege yachiwiri. Ndegeyo ikanyamuka adzapatsidwa chakudya cha m'ma 1 koloko usiku pa wotchi yathu, nthawi imene kunyumba sadya kanthu. Kudya kapena kukana, nambala ya 11 koloko ija ndi imene iwauze. Kenako cha m'ma 3 koloko usiku ayeze ndithu, ngakhale tulo titakoma. Insulini yoyera mbuu ija, yogwira pang'onopang'ono, imafika pachimake patatha maola pafupifupi 4 mpaka 10 chibayireni, ndipo shuga wotsika munthu ali m'tulo pakati pa alendo, nyali zitazimitsidwa, palibe amene angamuzindikire. Nkwanzeru kuuza wogwira ntchito m'ndege mmodzi kuti muli ndi shuga.

Mfundo yovuta ili m'mawa mwake. Wotchi ya pamkono ikuti 6 koloko m'mawa, nthawi ya jakisoni woyamba, koma ku China ili kale 12 koloko masana. Jakisoni wamadzulo wa nthawi ya ku China abwera patangotha maola 6, m'malo mwa 12. Mayiwa akabaya mlingo wonse m'ndege ndi mlingo wonse kuhotela, majakisoni awiriwo akumana m'thupi, ndipo akumana pakati pa usiku, iwo ali okha m'chipinda, atatopa. Njira yake ndi kuchepetsa umodzi mwa milingo iwiriyo. Uti, ndipo ndi mayunitsi angati, si za kuganiza muli m'mwamba kapena kufunsa mnzanu wa pampando. Pitani kwa dokotala wanu patatsala milungu ingapo, mutatenga tikiti yoonetsa maola onyamukira ndi ofikira, akulembereni papepala. Ntchito ya makina ndi kuona ngati pepalalo likugwirizana ndi thupi: kuyeza potera 4 koloko madzulo ya ku China, asanadye 6 koloko, pogona 10 koloko, ndi kutchera alamu ya 2 kapena 3 koloko usiku. Alamu ya usikuyi ikhalepo masiku awiri oyamba.

Atafika kuhotela ndiye asinthe wotchi zonse, ya m'gulukomita yomwe, n'kulemba m'kabuku kuti apa ndasintha nthawi. Akaiwala, makina adzasunga nambala ya m'mawa asanadye ngati ya pakati pa usiku, ndipo dokotala wodzawerenga manambalawo kunyumba adzasintha mankhwala potengera chithunzi cholakwika.

Pobwerera zinthu zimatembenuka. Jakisoni wa 6 koloko madzulo ku Guangzhou ndi 12 koloko masana kwathu. Akadikira 6 koloko m'mawa ya ku Malawi, papita maola 18 opanda jakisoni wina, m'kati mwake muli zakudya ziwiri za m'ndege ndi kukhala pansi osayenda. Apa shuga amakwera. Ayeze maola anayi alionse, makamaka pamene wotchi, imene tsopano ili pa nthawi ya ku China, ikuti 6 koloko m'mawa, chifukwa m'pamene jakisoni wadzulo akutha mphamvu. Ngati pakufunika kamlingo kowonjezera, pepala la dokotala lija linene. Pa zoipa ziwirizi, shuga wokwererako pang'ono kwa maola ochepa a ulendo ndi wopiririka kusiyana ndi shuga wotsika m'ndege, choncho si tsiku lothamangitsa manambala okongola.

Si ulendo uliwonse umene umafuna zonsezi. Ku Johannesburg, ku Lusaka ndi ku Harare nthawi ndi imodzi ndi yathu. Nairobi ndi Makka ali patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri. London ili m'mbuyo ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Kusiyana kosafika maola anayi kawirikawiri sikufuna kusintha mlingo, munthu amangosuntha nthawi pang'ono. India, kumene ambiri amapita kukalandira chithandizo, ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, pamalire penipeni. New York ndi Washington ali m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7, ndiye kuti nkhani ya mayi aja yotembenuza: tsiku lalitali popita, lalifupi pobwera. Amene amamwa metifomini yekha shuga wawo satsika kawirikawiri, ndipo kuyeza kawiri kapena katatu pa tsiku la ulendo n'kokwanira. Koma gilibenikilamaidi amatsitsa shuga kwa maola ambiri. Womwa mapiritsi amenewa aziyeza ngati wa insulini, ndipo kuchedwetsa piritsi n'kwabwino kusiyana ndi kumwa awiri motsatizana pafupi.

Nambala ikakudabwitsani

Kutopa kwa kusintha nthawi kumafanana kwambiri ndi shuga wotsika: mutu waukulu, kunjenjemera, kukwiya msanga, njala ya pakati pa usiku. Thupi limatenga pafupifupi tsiku limodzi pa ola lililonse la kusiyana kuti lizolowere, ndipo kupita kummawa kumavuta kuposa kumadzulo. M'masiku amenewo kumva kwa m'thupi sikungadaliridwe. Mukakayika, yezani. Nambala ikakhala pansi pa 70 mg/dL, imwani magalamu 15 a shuga, amene ndi masupuni ang'ono atatu kapena anayi m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la chakumwa chotsekemera, dikirani mphindi 15, yezaninso. Werengani pabotolo, chifukwa ku Britain ndi ku South Africa zakumwa zambiri za maina omwe timawadziwa zinachepetsedwa shuga chikhazikitsireni msonkho wa zakumwa zotsekemera mu 2018.

Nambala yokwera modabwitsa, yambani mwakayikira chala. Munthu amene wangosenda lalanje kapena kugwira keke ya m'ndege angapeze nambala yoopsa pomwe magazi ake ali bwino. Sambani ndi sopo, pukutani chiume. Ngati simungadzuke pampando, pukutani dontho loyamba la magazi n'kuyeza lachiwiri. Mankhwala opaka m'manja ophera tizilombo sachotsa shuga pakhungu, ndipo akakhala asanaume amasokoneza dontho. Zala zozizira, monga zimachitira ku London mu Januwale, zimakana kutulutsa magazi. Zifunditseni m'khwapa kaye, osazifinya mwamphamvu. Makina nawo akazizidwa kapena kutenthedwa amaonetsa chizindikiro cha kutentha n'kukana, ndipo amafuna mphindi zingapo m'chipinda kuti abwerere. Za kukwera kwa malo musade nazo nkhawa kwambiri. Addis Ababa ili pamtunda wopitirira mamita 2,300, mpweya wa m'ndege umakhala wofanana ndi wa pamtunda wotero, ndipo makina ambiri anayesedwa mpaka mamita pafupifupi 3,000.

Kuyeza kawiri motsatizana n'kupeza 150 kenako 165 si umboni wakuti makina afa. Muyezo umene makinawa amayesedwa nawo umalola kuphonya ndi 15 pa 100 iliyonse. Chodetsa nkhawa ndi kusiyana kwakukulu, kapena nambala yotsutsana ndi mmene mukumvera. Zikatero tsegulani botolo lachiwiri lija muyeze ndi sitiripi ya mmenemo. Makina akalemba LO, shuga watsika kupitirira pamene angawerenge, ndipo imwani shuga nthawi yomweyo musanayambe kufufuza. Akalemba HI, pa makina ambiri ndiye kuti wapitirira 600 mg/dL. Sambani, bwerezani, ndipo akalembanso chimodzimodzi pitani kuchipatala. Chimodzimodzinso shuga akakakamira pamwamba pa 250 mg/dL uku mukusanza kapena kutsegula m'mimba.

Chomaliza chimapha anthu mwakachetechete. Makina a shuga amawerenga m'miyezo iwiri, mg/dL ndi mmol/L, ndipo kwathu kuno yonse iwiri imapezeka malinga ndi kumene makinawo anachokera. China, Britain ndi South Africa amagwiritsa ntchito mmol/L, pamene America ndi India amagwiritsa ntchito mg/dL. Kusintha kwake ndi kugawa kapena kuchulukitsa ndi 18: 70 mg/dL ndi 3.9 mmol/L, 180 ndi 10, ndipo 250 ndi pafupifupi 14. Mayi athu aja makina awo akatayika n'kugula ena ku Guangzhou, adzaona 7.2 pamene anazolowera kuona 130. Akachita mantha n'kuyamba kumwa shuga, adzikweza okha popanda chifukwa. Choopsa koposa ndi mbali inayo, kuona 22 n'kuganiza kuti shuga watsikitsitsa pomwe ali pafupi ndi 400. Makina ambiri salola kusintha muyezowu, anaukhoma ku fakitale. Tembenuzani makina anu lero muone zilembo zimene zili pambali pa nambala, ndipo manambala atatu aja, m'miyezo yonse iwiri, alembeni kuseri kwa kalata ya dokotala musanapite ku bwalo la ndege.